Chilengezo cha ntchito n'chosamveka ndipo bajeti sanaitchule: kalata yanga ndiilembe motani?

Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru pa kalata imene ndikufuna kutumiza poyankha chilengezo cha ntchito chomwe ndachiona pa malo ena a pa intaneti amene eni ntchito amapezerapo anthu ogwira ntchito paokha. Chilengezocho n'cha mizere itatu yokha, ndipo chikuti: "Tikufuna munthu wotikonzera webusaiti yathu kuti izioneka bwino komanso izitseguka msanga. Ntchitoyi ikufunika mwachangu. Titumizireni mtengo wanu." Pansi pake aika adiresi ya webusaitiyo, koma sanatchule ndalama zimene akonza, tsiku limene akufuna kuti ntchito ithe, ngakhale chimene akutanthauza ponena kuti izioneka bwino. Webusaitiyo ndaitsegula, ndipo inapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, ndi ya masamba 8, ya kampani yaing'ono yoyeretsa m'maofesi. Nkhawa yanga ndi yakuti ndikatchula mtengo wokwera andisiya, koma ndikatchula wotsika ndidzapezeka kuti ndavomera ntchito ya mwezi wathunthu pa malipiro a masiku awiri. Kodi mtengo ndiutchule kapena ndiusiye kaye?

Limbani:
Achemwali, nkhani ya ndalama silembedwa m'kalata yofunsira ntchito, chifukwa imeneyo mumakaikambirana akakuitanani ku mafunso. Inu lembani maphunziro anu, kumene munagwirako ntchito ndiponso chifukwa chimene mukufunira kugwira ntchito ndi kampaniyo, kenako muphatikizepo makope a masatifiketi anu.

Bambo Mbewe:
A Limbani, malangizo anuwo ndi abwino kwa munthu amene akufuna kulembedwa ntchito ya pamwezi, koma zimene a Tadala akufunsa ndi zina. Iwo sakupempha mpando mu ofesi ya kampaniyo. Akugulitsa ntchito imodzi yomwe ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo mwini ntchitoyo wanena yekha kuti atumiziridwe mtengo. Kalata yosakhudza n'komwe za mtengo idzaoneka ngati ya munthu amene sanawerenge chilengezocho mpaka kumapeto, ngakhale kuti n'chachifupi chotere.

Kondwani:
Ine ndikuona kuti chilengezo chosatchula bajeti ndi msampha. Mwini ntchito amadziwa bwino ndalama zimene ali nazo, koma amabisa dala kuti aone amene adzitchipitse kwambiri. Pa zokambirana za mtengo, woyamba kutchula nambala ndiye amaluza. Choncho, achemwali a Tadala, lembani mwachidule kuti ntchitoyo mumaidziwa, kenako muwafunse mosapita m'mbali kuti akonza ndalama zingati. Safunsa anadya phula. Akakana kuyankha, mudziwe kuti si kasitomala wodalirika.

Mayi Nasibeko:
Ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene wakhala ali kumbali inayo, chifukwa ine ndi amene ndinkalemba zilengezo zotere ku kampani imene ndinkagwirako ntchito. A Kondwani akunena zoona kuti alipo obisa bajeti dala, koma ine nthawi zambiri sindinkaitchula chifukwa sindinkaidziwa. Abwana ankangonena kuti webusaiti ikuchititsa manyazi, ndipeze munthu woikonza, ndipo sindinkadziwa ngati imeneyo inali ntchito ya tsiku limodzi kapena ya miyezi iwiri. Chilengezo chinali njira yanga yofunsira mtengo kwa anthu odziwa. Makalata amene ankangobweza funso lakuti "mwakonza zingati?" sankandithandiza m'pang'ono pomwe, chifukwa ndinalibe choti ndipite nacho kwa abwana. Makalata amene ndinkawayankha anali a anthu amene anatsegula webusaitiyo n'kundiuza chinthu chimodzi chenicheni chimene aona.

Bambo Mbewe:
Zimene Mayi Nasibeko anenazi ndiye phata la nkhaniyi. Chilengezo chikakhala chosamveka, ntchito ya kalata yanu ndi kulemba zimene mwini ntchito walephera kulemba, ndipo mtengo umatsatira pambuyo pake. A Tadala, mizere itatuyo ingatanthauze ntchito zitatu zosiyana kwambiri, ndipo ndiziyerekeza m'maola kuti aliyense achulukitse ndi mtengo wake wa pa ola.

Mwina chimene chikuwapweteka ndi kuchedwa kokha. Ngati zili choncho, ntchito ndi kuchepetsa kukula kwa zithunzi, kuchotsa mapulagini osafunika, omwe ndi timapulogalamu towonjezera pa WordPress, ndi kuika dongosolo losunga masamba okonzeratu kuti seva isamawapange mwatsopano munthu aliyense akabwera. Pa webusaiti ya masamba 8, ine ndingayerekeze maola 8 mpaka 12. Mwinanso akufuna kuti maonekedwe asinthe koma maziko akhale omwewo. Pamenepo muwerenge maola atatu pa tsamba lililonse, omwe ndi 24, muwonjezepo 6 okonzera mutu wa webusaiti, menyu ndi mitundu, ndiponso 5 oyesera pa foni ndi pa kompyuta komanso olemberana nawo, zonse pamodzi maola 35. Koma n'kuthekanso kuti m'maganizo mwawo muli webusaiti yatsopano yoti makasitomala azisungitsirapo tsiku ndi kulipirirapo, ndipo imeneyo ikhoza kupitirira maola 100.

Mukuona kuti ntchito yaikuluyo ikuposa yaing'onoyo kuwirikiza pafupifupi ka 10, ndipo zimenezi si zachilendo. Barry Boehm, katswiri wa kayendetsedwe ka ntchito zopanga mapulogalamu, anasonyeza mu 1981 kuti kuyerekeza kochitika ntchito isanafotokozedwe bwino kukhoza kuphonya kuwirikiza kanayi, kaya mokweza kapena motsitsa. Nambala imodzi yotchulidwa lero ingakhale yongolota. Musanalembe chilichonse, ikani adiresi ya webusaitiyo pa PageSpeed Insights, chida chaulere cha Google choyesera liwiro la webusaiti, muone zotsatira za pa foni, ndipo mutiuze zimene mwapeza.

Tadala:
Zikomo kwambiri, Bambo Mbewe. Ndayesa, ndipo pa foni webusaitiyo yapeza 31 pa 100. Muyezo wa LCP, womwe ndi nthawi imene chinthu chachikulu kwambiri pa tsamba chimatenga kuti chioneke, ukusonyeza masekondi 7.8, pamene Google imati wabwino usapitirire masekondi 2.5. Chithunzi chachikulu cha patsamba loyamba ndi cha 4 MB, ndipo zikuoneka kuti anachiika mmene chinachokera mu kamera osachichepetsa. Ndaonanso kuti pa foni menyu ikuphimba nambala yawo ya foni, moti munthu sangaidine. Ndalemba mafunso 12 oti ndiwafunse, kuyambira pa mitundu imene amakonda, makampani amene akupikisana nawo, anthu amene akufuna kuwafikira, mpaka amene anawapangira webusaitiyo poyamba. Kodi ndiwaike onse m'kalatamo?

Bambo Mbewe:
Musawaike onse. Munthu amene walemba mizere itatu sangakhale pansi kuyankha mafunso 12 kwa mlendo amene sanamusankhe n'komwe, ndipo ena mwa mafunsowo sangawayankhe ngakhale atafuna. Funso lililonse muliyese motere: kodi yankho lake lisintha chiwerengero cha maola? Funso la mitundu silisintha kanthu, chifukwa kuika mtundu wobiriwira kapena wofiira kumatenga nthawi yofanana, choncho lidikire mpaka mutagwirizana. Mafunso amene amasuntha mtengo pa ntchito yanuyi ndi atatu. Loyamba ndi lakuti mawu ndi zithunzi zikhala zomwezo kapena akufuna zatsopano, ndipo ngati akufuna zatsopano, adzazikonza ndani. Lachiwiri ndi lakuti pali chinthu chimene webusaiti sichita lero chomwe akufuna kuti izichita. Lachitatu ndi lakuti ali ndi mapasiwedi a WordPress ndi a kumene webusaitiyo imasungidwa. Lachitatuli ambiri amalinyozera, koma zimachitika kawirikawiri kuti amene anapanga webusaiti anachoka ndi mapasiwedi onse, ndipo mlungu wathunthu umatha mukungolemberana makalata musanagwire chilichonse.

Mafunsowo muwalembe moti munthu akhoza kuyankha ndi mawu amodzi kapena awiri ali pa foni. Ndipo musayambe kalata ndi mbiri yanu. Pa mndandanda wa makalata amene alandira, eni ntchito kawirikawiri amaona mizere yoyambirira yokha asanatsegule kalata, choncho chithunzi cha 4 MB chija ndi menyu yophimba nambala zikhale pamwamba penipeni.

Tadala:
Nayi kalata imene ndalemba potsatira malangizowa. Chonde ndikonzeni pamene ndaphonya.

"Moni. Ndatsegula webusaiti yanu pa foni ndipo ndaona zinthu ziwiri: chithunzi cha patsamba loyamba ndi cha 4 MB, zomwe zikuchititsa kuti tsambalo lizitenga pafupifupi masekondi 8 kuti lioneke, komanso menyu ikuphimba nambala yanu ya foni moti kasitomala sangaidine.

Chilengezo chanu ndachimva m'njira ziwiri. Ngati mukufuna kuti webusaiti izitseguka msanga ndiponso zolakwika za pa foni zikonzedwe, imeneyo ndi ntchito ya maola 8 mpaka 12 ndipo ingathe m'masiku anayi. Ngati mukufunanso kuti maonekedwe a masamba onse 8 asinthe, ndi ntchito ya maola 30 mpaka 40 ndipo ingatenge milungu iwiri. Mtengo wanga wa pa ola ndauphatikiza ndi kalatayi.

Kuti ndikupatseni mtengo umodzi wotsimikizika, ndikupempha mayankho a mafunso atatu. Kodi mawu ndi zithunzi zikhala zomwezi? Kodi pali chatsopano chimene mukufuna kuti webusaiti izichita, monga kusungitsa tsiku kapena kulipira? Kodi muli ndi mapasiwedi a WordPress ndi a kumene webusaiti imasungidwa?

Ndaphatikiza adiresi ya webusaiti ina ya WordPress imene ndinakonza vuto lofanana ndi lanuli."

Yamikani:
Kalatayi ikundikumbutsa zimene zinandichitikira pa ntchito yomasulira, ngakhale kuti si ya mawebusaiti. Kasitomala wina analemba kuti ali ndi kabuku kakang'ono kofuna kumasulira, ine n'kutchula mtengo umodzi nditangoona masamba oyambirira. Titagwirizana, ananditumizira mafailo ena a matebulo ndi zithunzi zokhala ndi mawu mkati, n'kunena kuti zonsezo ndi mbali ya kabuku komweko. Nditamaliza, anthu atatu a mu ofesi yawo anayamba kutumiza zosintha aliyense payekha, wina akubweza zimene mnzake wasintha. M'makalata athu munalibe mzere uliwonse wonena kuti zosintha zidzalekera pati. Choncho, achemwali, m'kalata yanuyi sindikuona pamene mwanena zimene simudzachita, kapena kuti kasitomala angapemphe kusintha kangati.

Bambo Mbewe:
A Yamikani agunda pamene ndimafuna kugunda. Mawu akuti "izioneka bwino" alibe pothera, chifukwa kukongola kumaweruzidwa ndi maso a wolipira, ndipo maso amenewo akhoza kusintha mlungu uliwonse. A Tadala, onjezani mizere iwiri pansi pa njira yachiwiri ija. Mzere woyamba unene kuti maolawo akuphatikizapo maulendo awiri a zosintha, ndipo ulendo uliwonse zosinthazo zibwere pamodzi kuchokera kwa munthu mmodzi. Mzere wachiwiri unene kuti kulemba mawu atsopano, kujambula chizindikiro cha kampani, kugula zithunzi ndi kulipira mapulagini ogulitsidwa sizili m'kati mwa mtengowo. Masiku anayi ajanso muwalembe kuti akuyamba kuwerengedwa tsiku limene mwalandira mapasiwedi, osati tsiku limene mwagwirizana.

Chinanso chimene ndingawonjezere ndi gawo loyamba laling'ono lolipidwa. Zimene mwaona mwazionera kunja. Simukudziwa kuti mkati muli mapulagini angati, kuti WordPress yawo inasiyidwa zaka zingati osaisintha, kapena kuti munthu woyamba uja anasokoneza mafailo a maonekedwe moti mukangosintha chimodzi zina zigwa. Mukhoza kuwauza kuti mungayambe ndi maola anayi pa mtengo wokhazikika, ndipo m'maola amenewo mudzasunga kope ya webusaiti yonse, mudzakonza chithunzi ndi menyu zija, kenako mudzawapatsa lipoti la tsamba limodzi lokhala ndi mtengo wotsimikizika wa ntchito yotsala. Iwo akhala kuti aika ndalama zochepa pa munthu amene sakumudziwa ndipo aona zotsatira ndi maso, pamene inu mwaona mkati musanalonjeze.

Kondwani:
Pa zoletsa ndi malire ndikugwirizana nanu, Bambo Mbewe, koma kalatayi ili ndi mavuto awiri amene simukuwatchula. Loyamba, a Tadala apereka nzeru yawo kwaulere. Mwini ntchito akawerenga za chithunzi cha 4 MB, akhoza kungotenga mzere umenewo n'kuupereka kwa munthu wotchipa kapena kwa mwana wa mlongo wake. Lachiwiri, mukalemba kuti maola 8 mpaka 12, kasitomala amasunga 8 yekha m'mutu. Akatswiri a maganizo Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasonyeza kale mu 1974 kuti nambala yoyamba imene munthu wamva imakokera maganizo ake onse kwa iyo. Tsiku lolipira mudzanena 12, iye adzati munalonjeza 8.

Mayi Nasibeko:
A Kondwani, kafukufuku amene mwamutchulayo akutsutsana ndi zimene munanena poyamba paja. Ngati nambala yoyamba ndi imene imakoka, ndiye kuti woyamba kutchula si amene amaluza nthawi zonse. A Tadala akakhala chete, nambala yoyamba imene mwini ntchito adzaone idzakhala ya munthu wina amene walonjeza kuchita zonse pa mtengo wa maola atatu, ndipo makalata ena onse adzayezedwa ndi imeneyo. Za kuba nzeru, sindikukana kuti zimachitika, koma kuyesa kumene kunavumbula chithunzicho aliyense angakuchite m'mphindi zochepa. Chimene a Tadala sayenera kuchita ndi kulemba ndondomeko yonse ya kakonzedwe, kapena kujambula tsamba lachitsanzo kwaulere asanagwirizane.

Bambo Mbewe:
Mfundo yachiwiri ya a Kondwani ndi yoona, ndipo mankhwala ake ndi kumangirira nambala iliyonse ku chifukwa chake. M'malo molemba "8 mpaka 12" basi, alembe kuti ndi maola 8 ngati vuto lili pa zithunzi ndi mapulagini okha, ndipo ndi 12 ngati mafailo a maonekedwe akufunikanso kukonzedwa. Akatero, tsiku lolipira mkangano sukhala pa zimene munthu akukumbukira, koma pa chinthu chimene onse awiri angachione. Mpata wa pakati pa nambala ziwirizo usakhalenso waukulu kwambiri. Mukapeza kuti nambala yapamwamba ikuposa yapansi kuwirikiza kawiri, ndiye kuti mwaphatikiza ntchito ziwiri zosiyana ndipo muyenera kuzilekanitsa.

Funso la bajeti limene a Kondwani akulifuna likhoza kulowa, koma kumapeto, manambala anu atatchulidwa kale. Mzere umodzi ndi wokwanira: "Ngati muli ndi malire a ndalama zimene mwakonza, ndiuzeni kuti ndikusonyezeni zimene zingatheke m'kati mwake." Amene ali ndi bajeti amayankha, ndipo amene alibe sachita manyazi.

Limbani:
Tsopano ndamva kusiyana kwake. Koma ndifunse, nanga munthu angadziwe bwanji kuti chilengezo chosamvekacho n'cha munthu wosadziwa chabe, osati cha wakuba?

Bambo Mbewe:
Chilengezo chokha sichikuuzani zambiri, koma yankho lake limakuuzani. Wosadziwa chabe amayankha mafunso aja, ngakhale mwina awiri okha mwa atatu, ndipo amasankha njira imodzi. Woopsa amadumpha mafunso onse n'kupempha kuti muyambe mwapanga chitsanzo kwaulere, kapena kuti mukakambirane ndi kulipirana kunja kwa malo amene mwakumanapo. Pa Upwork, mwachitsanzo, mumatha kuona ngati njira yolipirira ya kasitomala inatsimikiziridwa ndiponso ndalama zimene wawonongapo kale polemba anthu ena. Pa ntchito ya mtengo wokhazikika, ndalama za gawo lililonse zimasungidwa ndi Upwork ntchito isanayambe, ndipo mukapereka ntchito kudzera pomwepo kasitomala n'kukhala chete masiku 14, ndalamazo zimatulutsidwa kwa inu. Chitetezo chimenechi chimagwira pa gawo lokhalo limene ndalama zake zaikidwa kale, choncho musayambe gawo limene silinaikidwe ndalama, ngakhale akuuzeni kuti ntchitoyo ndi yachangu motani.

Tadala:
Ndabweranso ndi zotsatira. Kalata ndinaitumiza nditawonjezera malire a zosintha, zimene sizili m'kati mwa mtengo, gawo loyamba la maola anayi ndi mzere wa bajeti uja. Ayankha motere: "Zikomo poona vuto la nambala ya foni, sitinkadziwa. Mapasiwedi a WordPress tili nawo, koma enawo ali ndi amene anatipangira. Mawu ena tikufuna asinthe. Abwana sakufuna za maola, akufuna mtengo umodzi wa zonse pofika mawa." Za chatsopano chimene webusaiti izichita sananenepo kanthu, ndipo za bajeti akhalanso chete.

Kondwani:
Ndi zimene ndinkanena zija. Nzeru alandira, bajeti abisabe, ndipo tsopano akukufinyani ndi mawa. Ine ndikanayankha kuti mtengo umodzi kulibe mpaka atavomera gawo la maola anayi lija.

Mayi Nasibeko:
Ine ndikumva mawu a munthu amene ali pakati, monga mmene ndinalili ine, ndipo akufuna pepala loti apite nalo kwa abwana ake. Mukamukaniza nambala, adzatenga ya wina. Koma mawu akuti "mawu ena asinthe" akundidetsa nkhawa, chifukwa "ena" akhoza kukhala ndime ziwiri kapena masamba onse, ndipo sananene kuti adzawalemba ndani.

Bambo Mbewe:
Ine ndikanawapatsa nambala imodzi, koma ya ntchito imene ndaifotokoza ndekha mwatsatanetsatane. Ndikanatenga njira yachiwiri pa nambala yake yapamwamba, maola 40, n'kuwasandutsa ndalama popanda kutchulanso maola, popeza abwanawo sakuwafuna. Pansi pake ndikanalemba kuti mtengowo ndi wa masamba 8 amene alipo, mawu atsopano adzalemba okha ndi kuwatumiza ntchito isanayambe, palibe kusungitsa tsiku kapena kulipira pa webusaiti, ndipo zosintha ndi maulendo awiri. Ndalamazo ndikanazigawa patatu, gawo loyamba likhale lija losunga kope ndi kuona mkati, ndi mawu akuti ngati mkatimo mupezeka vuto lalikulu, mtengo wa magawo otsalawo udzakambidwanso iwo asanalipire china. Chimene sindingachisiye ndi mapasiwedi a kumene webusaiti imasungidwa. Ndi a WordPress okha mukhoza kuchepetsa zithunzi ndi kukonza menyu, koma pulagini ikagwetsa webusaiti yonse moti ngakhale tsamba lolowera silikutseguka, mukhoza kusowa khomo lina lolowera kuti muibwezeretse.

Kondwani:
Mtengo umodzi woti udzakambidwanso si mtengo umodzi, Bambo Mbewe, ndipo abwana awowo adzazindikira zimenezo akangowerenga. Komanso maola 40 ndi a ntchito imene inu mwaiganiza, osati imene iwo anena.

Tadala:
Ndasankha kutumiza mtengo umodzi monga Bambo Mbewe afotokozera, koma ndilemba kuti ntchito sidzayamba mpaka atatenga mapasiwedi enawo kwa munthu woyamba uja, ndipo funso lachiwiri lija ndilibwereza pamzere wakewake kuti asalidumphenso. Chimene sindinatsimikize ndi choti ndichite akabwera n'kunena kuti munthuyo sakuyankha mafoni awo. Kodi kuwathandiza kutenganso umwini wa akaunti yawo ku kampani yosunga webusaiti ndikuike m'gawo loyamba, kapena ndikuwerengere ngati ntchito ina yolipidwa pa ola?